Matumba asanu ndi sikelo imodzi: malire amene kompyuta singawadutse posanja zinthu

Mu 1945, katswiri wa masamu John von Neumann analemba ndondomeko yoti kompyuta izitsatira posanja manambala, kuyambira yaing'ono mpaka yaikulu. Padutsa zaka pafupifupi 80 kuchokera nthawi imeneyo. Makina omwe kale ankadzaza chipinda chonse lero akulowa m'thumba la malaya, ndipo liwiro lawo lawonjezeka mosaneneka. Koma pali chinthu chimodzi chomwe chakana kusuntha. Kompyuta ikamasanja zinthu poziyerekeza ziwiriziwiri, maulendo omwe imayenera kufunsa kuti "chachikulu n'chiti pa ziwirizi?" sanachepe kwenikweni kusiyana ndi omwe ndondomeko ya von Neumann inkafuna.

Wina angaganize kuti akatswiri akuwodzera, kapena kuti tsiku lina padzabadwa mwana wanzeru amene adzatulukire njira yachidule. Sizidzachitika. Pali umboni wa masamu wosonyeza kuti njira yachiduleyo kulibe, ndipo aliyense wodziwa kuchulukitsa manambala angathe kuutsatira mpaka kumapeto. Chimene chimandikopa pa umboniwu n'chakuti umaweruza njira zonse pamodzi, zomwe zilipo kale ndi zomwe sizinapezekebe, osayang'ana n'komwe m'kati mwa imodzi mwa izo.

Sikelo yopanda miyala

Tiyambe tamvana kaye za kusanja poyerekeza. Tinene kuti muli ndi matumba a mtedza ofanana maonekedwe koma osiyana kulemera, ndipo mukufuna kuwandandalika kuyambira lopepuka mpaka lolemera kwambiri. Chida chomwe muli nacho ndi sikelo ya mbale ziwiri, yopanda miyala yoyezera, yopandanso manambala. Mumaika thumba limodzi pa mbale iyi, lina pa mbale inayo, n'kuona mbali yomwe yatsika. Sikelo yotere sikuuzani kuti thumbalo ndi makilogalamu angati, kapena kuti lapambana linzake ndi pang'ono kapena ndi kwambiri. Yankho lake limakhala limodzi mwa awiri basi: kumanzere kapena kumanja. Tigwirizanenso kuti palibe matumba awiri olemera chimodzimodzi.

Njira zambiri zosanjira zinthu pa kompyuta zimagwira ntchito chonchi. Zimatenga zinthu ziwiri, kaya ndi mayina, masiku kapena mitengo ya katundu, n'kufunsa choyenera kutsogola. Sizifuna kudziwa china chilichonse cha zinthuzo, n'chifukwa chake njira imodzi imatha kusanja chilichonse chomwe chili ndi chotsogola ndi chotsatira.

Funso lathu nali: kodi muyenera kuyeza kangati kuti mutsimikize kuti mwandandalika bwino? Apa sitikunena za tsiku la mwayi. Tikufuna nambala yomwe mungalonjeze musanayambe, yomwe simudzapyola ngakhale matumbawo atabwera mosokonezeka bwanji.

Tengani matumba atatu, A, B ndi C. Musanayeze, pali mindandanda 6 yomwe ingakhale yoona. Kuyambira lopepuka, ingakhale ABC, ACB, BAC, BCA, CAB kapena CBA. Umodzi wokha ndiwo woona, ndipo ntchito yonse yosanja ndi yopeza kuti ndi uti.

Yezani A ndi B, ndipo tinene kuti A wapepuka. Mindandanda itatu yomwe B amatsogolera A yagwa, yatsala ABC, ACB ndi CAB. Tsopano yezani B ndi C. Ngati B wapepuka mwamaliza, mndandanda ndi ABC, ndipo mwayeza kawiri kokha. Koma ngati C ndiye wapepuka, yatsala iwiri, ACB ndi CAB, choncho simungachitire mwina koma kuyeza A ndi C kachitatu. Mukadayamba ndi kuyeza A ndi C pa ulendo wachiwiri sizikadathandiza, chifukwa mindandanda itatu singagawike pawiri popanda mbali imodzi kutenga iwiri. Ndiye kuti matumba atatu amafuna maulendo atatu zikavuta.

Mtengo wa mafunso

Jambulani zimene tachitazi papepala. Funso loyamba likhale tsinde. Pa tsindelo pali mphanda, nthambi ina ya yankho la kumanzere, ina ya yankho la kumanja. Nthambi iliyonse ikufika pa funso lotsatira, lomwenso ndi mphanda. Pamene mafunso athera ndipo mwalengeza mndandanda wanu, pamenepo pali tsamba. Chithunzi chimenechi akatswiri amachitcha mtengo wa zisankho.

Njira iliyonse yosanja poyerekeza ili ndi mtengo wake. Mfundo iyi ndi yomwe anthu ambiri amaidutsa mothamanga, koma umboni wonse watsamira pa iyo. Njira yochenjera imasankha funso lotsatira potengera mayankho omwe yalandira kale. Zimenezo zili mu mtengomo, chifukwa nthambi ya kumanzere ndi ya kumanja siziyenera kufunsa funso lofanana. Njira ina imakumbukira zambiri, ina imalemba pambali, ina imasuntha matumba uku ndi uku. Zonsezo sizisintha kanthu. Chomwe njirayo ikudziwa cha matumbawo ndi mayankho a sikelo okha, choncho mayankho akafanana, zochita zake zimafanananso. Kusanja kamodzi ndi kukwera mtengowo kuchokera pa tsinde mpaka pa tsamba limodzi, ndipo mphanda zomwe mwadutsa ndiwo maulendo omwe mwayeza. Lonjezo lomwe tikufuna lija ndi kutalika kwa nthambi yaitali kwambiri.

Tsopano pali zinthu ziwiri zoti tiwerenge.

Choyamba, mtengowo ukufunika masamba angati? Mndandanda uliwonse womwe ungakhale woona uyenera kukhala ndi tsamba lakelake. Taganizani zitachitika kuti mindandanda iwiri yosiyana, monga ACB ndi CAB, ikuthera pa tsamba limodzi. Ndiye kuti sikelo yapereka mayankho ofanana pa yonse iwiri, ndipo wosanjayo alengeza zofanana pa yonse iwiri. Koma yankho limodzi silingakhale loona pa mindandanda iwiri yosiyana, choncho pa umodzi mwa iyo walakwitsa. Njira yosalakwitsa iyenera kukhala ndi masamba osachepera chiwerengero cha mindandanda yonse.

Mindandandayo ndi yosavuta kuwerenga. Pa matumba anayi, malo oyamba angatengedwe ndi lililonse mwa anayiwo, achiwiri ndi lililonse mwa atatu otsala, achitatu ndi limodzi mwa awiri, ndipo lotsala limapita kumapeto. Ndiye 4 × 3 × 2 × 1 = 24. Pa matumba asanu ndi 120, pa matumba 10 ndi 3,628,800. Ngati zinthu zosanjidwa zilipo n, a masamu amalemba chiwerengerochi kuti n!, kutanthauza kuchulukitsa manambala onse kuyambira 1 mpaka n.

Chachiwiri, mtengo ungabale masamba angati? Funso limodzi limapereka nthambi ziwiri. Mafunso awiri amapereka zosaposa zinayi, atatu zosaposa 8, anayi zosaposa 16. Funso lililonse lowonjezera limangowirikiza kawiri, silingapose pamenepo. Ngati nthambi yaitali kwambiri ili ndi mphanda h, masamba sangapose 2 wochulukitsidwa ndi mwini wake maulendo h, zomwe zimalembedwa 2^h.

Ikani ziwirizi pamodzi. Masamba omwe mtengo ungabale ayenera kukwanira masamba omwe akufunika, ndiye kuti 2^h ≥ n!. Umboni wonse ndi umenewu. Pa matumba atatu, mafunso awiri akupereka masamba 4 pomwe akufunika 6, choncho awiri sakwana. Pa matumba anayi, mafunso anayi akupereka 16 pomwe akufunika 24, choncho pafunika asanu. Pa matumba asanu, mafunso 6 akupereka 64, ndipo 64 sangasunge 120. Mafunso 7 akupereka 128, omwe akukwana. Aliyense amene anganene kuti amasanja matumba asanu aliwonse poyeza ka 6 kokha akulakwitsa, ndipo mungamuuze zimenezo musanaone n'komwe njira yakeyo.

Matumba asanu, maulendo 7

Kuwerenga masamba kwatiuza kuti pansi pa 7 n'zosatheka. Sikunatiuze kuti 7 ndi wotheka. Pakati pa 120 ndi 128 mpata ndi wochepa kwambiri, ndipo funso limodzi lofunsidwa mosasamala likwanira kuwononga zonse. Apa ndi pamene umboniwu umasanduka mlangizi, chifukwa umatiuza mmene tingazindikirire funso loipa tisanalifunse. Lamulo lake ndi ili: mukayeza, mindandanda yotsala isapose masamba omwe mafunso otsala angabale, kaya sikelo yatsikira mbali iti.

Matumba athu ndi A, B, C, D ndi E. Yezani A ndi B, ndipo tinene kuti A wapepuka. Mindandanda 120 yagawika pakati, yatsala 60, ndipo mafunso 6 otsala angasunge 64. Tili bwino.

Anthu ambiri apa amatenga B, yemwe wapambana, n'kumuyeza ndi C. Zikuoneka zanzeru, koma tawerengani. B wasonyeza kale kuti si wopepuka kwambiri, choncho mwayi woti apambanenso ndi waukulu. Mwa mindandanda itatu ya A, B ndi C yomwe ikugwirizana ndi yankho loyamba, iwiri ili ndi B pamwamba pa C. Ndiye kuti 60 uja agawika 40 mbali ina, 20 mbali ina. Sikelo ikatsikira kwa 40, mwatsala ndi mafunso asanu omwe angasunge 32 yokha. Lonjezo la 7 lafera pa ulendo wachiwiri, ndipo palibe nzeru yomwe ingalidzutse.

Choyenera ndi kutenga matumba awiri omwe sanakhudzidwe, C ndi D, chifukwa amenewa agawa 60 pakati ndendende. Tinene kuti C wapepuka. Yatsala 30. Kenako yezani opambana awiriwo, B ndi D. Awiriwa mbiri yawo ndi yofanana, aliyense wapambana kamodzi, choncho nawonso agawa pakati. Tinene kuti B wapepuka. Yatsala mindandanda 15, ndipo mafunso anayi otsala angasunge 16. Zomwe tikudziwa tsopano ndi izi: A ndi wopepuka kuposa B, B ndi wopepuka kuposa D, ndipo C ali penapake pansi pa D. Za E sitikudziwa kalikonse.

Pano pali msampha wachiwiri. Mtima umafuna kumaliza kaye ndi C, popeza tikudziwako kale za iye, n'kusiya E kumapeto. Koma C ali ndi malo atatu okha omwe angakhale: pansi pa A, pakati pa A ndi B, kapena pakati pa B ndi D. Mukamuyeza ndi B, mbali imodzi itenga malo awiri, ina amodzi, ndiye kuti 15 agawika 10 ndi 5. Mafunso atatu otsala angasunge 8 yokha, ndipo 10 sangalowe mu 8. Kumuyeza ndi A kumabweretsa vuto lomwelo.

Yambani ndi E, ndipo muyezeni ndi B, yemwe ali pakati pa mzere wa A, B ndi D. Mukawerenga mupeza kuti 15 wagawika 8 ndi 7, zomwe zikukwana ndendende. Ngati E wapepuka kuposa B muyezeni ndi A, ngati walemera muyezeni ndi D. Pa maulendo awiri amenewa E wapeza malo ake, ndipo tayeza kasanu. Watsala C. Popeza tikudziwa kuti ali pansi pa D, matumba omwe ayenera kupikisana nawo ndi omwe ali pansi pa D okha, ndipo sangapose atatu: A, B, ndi E ngati nayenso wagwera pansi pa D. Matumba atatu ali ndi mipata inayi, ndipo mipata inayi imafuna mafunso awiri, loyamba ndi thumba lapakati, lachiwiri ndi la mbali yomwe sikelo yaloza. Onse pamodzi akwana 7.

Onani chomwe chachitika ndi C. Tikadamulowetsa msanga, tikadawononga mafunso awiri posankha pakati pa malo atatu, pomwe mafunso awiri ali ndi mphamvu yosankha pakati pa anayi. Pomudikiritsa, funso lililonse lagwira ntchito yake yonse. Njira imeneyi ya zinthu zisanu inalembedwa ndi Howard Demuth mu 1956, ndipo mu 1959 Lester Ford ndi Selmer Johnson anaikulitsa kuti izigwira pa zinthu zochuluka mulimonse.

Njira ya Ford ndi Johnson imagunda ndendende pa malire a kuwerenga masamba kuyambira pa chinthu chimodzi mpaka zinthu 11. Pa zinthu 12 pamachitika zodabwitsa. Mindandanda ilipo 479,001,600, ndipo mafunso 29 angabale masamba 536,870,912, omwe ndi okwanira bwinobwino. Komabe njira yawo imafuna mafunso 30. Kodi inali kutaya funso limodzi pachabe? Mu 1965 Mark Wells anagwiritsa ntchito kompyuta kufufuza nkhaniyi, ndipo anapeza kuti palibe njira iliyonse yosanja zinthu 12 ndi mafunso 29. Chifukwa chake ndi chomwe tachiona pa matumba aja: si nthawi zonse pamene pamapezeka matumba awiri oti kuwayeza kugawe mindandanda yotsala pafupi ndi pakati. Choncho tisaukakamize umboniwu kunena zomwe sunanene. Umanena kuti pansi pa nambala yakuti n'zosatheka. Ngati nambalayo ili yofikika, imeneyo ndi nkhani ina yofuna umboni wakewake.

Kumene n log n amachokera

M'mabuku a za makompyuta malirewa amalembedwa kuti n log n, ndipo chilembochi chimaopseza anthu popanda chifukwa. Mawu akuti log a nambala akutanthauza maulendo omwe muyenera kuwirikiza kawiri, kuyambira pa 1, kuti mufike pa nambalayo. Kuti mufike pa 8 mumawirikiza katatu: 2, 4, 8. Kuti mufike pa 1,024 mumawirikiza ka 10. Kuti mufike pa miliyoni imodzi mumawirikiza pafupifupi ka 20. Ndiye zomwe tapeza zija tingazinene motere: mafunso ofunika sangachepere log wa n!.

Vuto ndi lakuti n! amakula mofulumira moti sitingamulembe. Makadi 52 a njuga ali ndi mindandanda yomwe nambala yake ili ndi madijiti 68, ngakhale kuti mafunso omwe malirewa akufuna pa makadiwo ndi 226 okha. Mwamwayi pali njira yoyezera log wa n! popanda kulemba n! yense. Mukachulukitsa manambala awiri, maulendo awo owirikiza amangophatikizana. Mwachitsanzo 8 amafuna atatu, 4 amafuna awiri, ndipo 8 × 4 = 32 amafuna asanu.

Tiyese ndi zinthu 1,024. Tikuchulukitsa manambala onse kuyambira 1 mpaka 1,024. Tayani theka la m'munsi lonse, musunge manambala 512 a pamwamba okha. Iliyonse mwa manambala amenewa ndi yoposa 512, ndipo 512 amafuna kuwirikiza ka 9. Choncho theka la pamwamba lokha likufuna mafunso oposa 512 × 9 = 4,608. Kumbali inayi, palibe nambala yoposa 1,024, yomwe imafuna ka 10, choncho zonse pamodzi sizingapose 1,024 × 10 = 10,240. Nambala yomalizayi ndiye n log n weniweni: zinthu 1,024 kuchulukitsa ndi log wake, yemwe ndi 10. Malire athu atsekeredwa pakati pa n log n ndi pafupifupi theka lake, ndipo zimenezi zimachitika pa n wina aliyense wamkulu. Mukawerenga mosamala, pa zinthu 1,024 malirewo ali pa mafunso pafupifupi 8,770.

Apa pali pofunika kunena zoona zake. Anthu akamati kusanja kumafuna mafunso osachepera n log n, amakhala akufupikitsa. Malire enieni ndi log wa n!, yemwe ndi wocheperako kuposa n log n ndi pafupifupi 1.44 kuchulukitsa n. Zinthu zikamachuluka, kusiyanaku kumanka nachepa mukakuyerekeza ndi ntchito yonse, n'chifukwa chake akatswiri amati awiriwa amakula mofanana. Tanthauzo lake pa ntchito ndi lakuti mukawirikiza kawiri zinthu zosanjidwa, mafunso amaposa pang'ono kuwirikiza kawiri, ndipo palibe njira yoyerekeza yomwe ingalonjeze, mwachitsanzo, mafunso asanu pa chinthu chilichonse kaya zinthuzo zichuluke bwanji.

Nanga ndondomeko ya von Neumann ija ili pati? Iyo imagawa mulu pakati, n'kusanja theka lililonse mwa njira yomweyo, kenako n'kuphatikiza mizere iwiri yosanjidwayo. Pophatikiza imangoyang'ana zinthu ziwiri zomwe zili kutsogolo kwa mizereyo, n'kutenga chaching'ono, n'kubwereza. Zinthu 1,024 zimagawika pakati ka 10 kufikira chilichonse chitatsala chokha, ndipo pa msinkhu uliwonse kuphatikiza kumafuna mafunso ochepera 1,024. Zikavutitsitsa, mafunso onse amakwana 9,217. Yerekezani ndi malire aja a 8,770, ndiponso ndi 523,776, omwe ndi mafunso omwe mungafunse mutayeza chinthu chilichonse ndi chinzake chilichonse. Kuchoka pa 523,776 kufika pa 9,217 kunali kupambana kwakukulu. Kuchoka pa 9,217 kupita pansi, chomwe chatsala choti munthu n'kupulumutsa ndi pafupifupi mafunso asanu pa 100 alionse. Pa zinthu miliyoni imodzi malire ali pa mafunso pafupifupi 18.5 miliyoni, ndipo ndondomeko ya 1945 ija safika pa 19 miliyoni.

Kumene malirewa sagwira

Umboni uliwonse uli ndi mpanda wake, ndipo wa uwu ndi wooneka bwino.

Poyamba, taona kale pa matumba atatu kuti masamba ena ali pafupi ndi tsinde. Ngati zinthu zabwera zili zosanjidwa kale, mungatsimikize zimenezo poyeza chilichonse ndi choyandikana nacho, mafunso 1,023 okha pa zinthu 1,024. Njira yosanjira yomwe Tim Peters analembera chiyankhulo cha pa kompyuta cha Python mu 2002 imadyerera mfundo imeneyi: imayamba yafufuza zigawo zomwe zili kale mu dongosolo, n'kuziphatikiza. Imathamanga kwambiri pa mindandanda yeniyeni, yomwe nthawi zambiri imakhala yosanjidwako kale. Sikuti yaphwanya malire. Yangosankha mindandanda yoti iipatse nthambi zazifupi. Ndipo nthambi zazifupi sizingachuluke, chifukwa pa mphanda 20 zoyamba mtengo sungabale masamba oposa miliyoni imodzi ndi pang'ono, pomwe mindandanda ya zinthu 10 zokha yaposa kale mamiliyoni atatu. N'chifukwa chake ngakhale mutasiya kuyang'ana tsiku loipitsitsa n'kuwerenga avereji ya mindandanda yonse, simutsika pansi pa log wa n!. Ngakhale njira zochita maere posankha zinthu zoti ziyerekeze sizithawa malirewa.

Mpata weniweni uli kwina. Umboniwu ukunena za wosanja amene chida chake ndi sikelo yopanda manambala. Mukamupatsa chida china, mtengo wake umasintha. Tinene kuti muli ndi mapepala a mayeso 100,000, ndipo lililonse lili ndi malikisi kuyambira 0 mpaka 100. Konzani malo 101, amodzi pa nambala iliyonse. Tengani pepala, werengani malikisi, liikeni pamalo ake. Mukamaliza sonkhanitsani milu kuyambira 0 mpaka 100. Pepala lililonse mwaligwira kamodzi poika ndi kamodzi posonkhanitsa, ndipo simunayerekeze mapepala awiri ngakhale kamodzi. Funso lanu silinali la mayankho awiri. Linali lakuti "malikisi ndi angati?", lomwe lili ndi mayankho 101, choncho mphanda iliyonse ili ndi nthambi 101. Kuwonjezera apo, mapepala ambiri ali ndi malikisi ofanana, zomwe zikuchepetsa kwambiri mindandanda yofunika kuisiyanitsa.

Nzeru imeneyi ndi yakale kuposa makompyuta. Pa kalembera wa anthu wa ku America wa 1890, makina a Herman Hollerith ankawerenga mabowo a pa khadi, ndipo chivindikiro cha chipinda choyenera cha m'bokosi losanjira chinkatseguka kuti wogwira ntchito aponyemo khadilo. Makina osanja makadi omwe anabwera pambuyo pake ankasanja manambala aatali potenga dijiti imodzi pa ulendo uliwonse, kuyambira yakumapeto, ndipo makompyuta amagwiritsabe ntchito njira imeneyi mpaka lero. Koma ili ndi mtengo wake wolipira. Muyenera kudziwiratu maonekedwe a zomwe mukusanja, kuti ndi manambala a utali wakuti kapena zilembo zochuluka mwakuti. Zinthu zikakhala zoti mungathe kungoziyerekeza, monga matumba athu pa sikelo ija, mwabwerera pansi pa malire omwe aja.

Chomaliza n'chakuti umboniwu umawerenga mafunso, osati mphindi. Njira ziwiri zofunsa mafunso ofanana zingasiyane liwiro chifukwa ina imasuntha zinthu kwambiri kapena imafuna malo ambiri osungira. Njira ya Ford ndi Johnson, ngakhale imasunga mafunso chonchija, sigwiritsidwa ntchito kawirikawiri chifukwa kusunga dongosolo lake kumadya nthawi yoposa yomwe mafunso opulumutsidwawo akadadya. Imathandiza pamene kuyerekeza kumodzi kuli kodula, monga ngati kumafuna kuti munthu aweruze yekha pakati pa zinthu ziwiri.

Choncho wina akadzakuuzani kuti watulukira njira yosanja yomwe imagonjetsa n log n, musamukane msanga, koma mufunseni zinthu ziwiri. Kodi njira yakeyo imangoyerekeza zinthu ziwiriziwiri, kapena imawerenga zomwe zalembedwa pa chinthu chilichonse? Nanga liwiro akunenalo ndi la pa mndandanda wina uliwonse, kapena pa yosanjidwako kale? Akanena kuti imangoyerekeza ndipo ndi pa mndandanda wina uliwonse, mupatseni zinthu zisanu, mumuuze kuti akuonetseni mmene angasanjire mindandanda yonse 120 osapyola mafunso 6. Sadzatha.